Lipoti la mayeso a ubongo la achimwene lafika, ndani angatimasulire?

NaPhiri: Moni nonse. Achimwene anga ali ku Joni, anagundidwa ndi galimoto miyezi 8 yapitayo akuchoka ku ntchito, amaphika pa lesitilanti. Mabala anapola, akuyenda, akulankhula bwinobwino, ukawaona sungadziwe. Koma atabwerera ku kichini zinthu zikusokonekera, akuwotcha zakudya, akuiwala ma oda, akupsa mtima msanga, bwana wawauza kuti apume kaye. Loya amene akuyendetsa za chipukuta misozi ku Road Accident Fund, thumba la boma la kumeneko lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu, anawatumiza kwa saikolojisiti woyeza za ubongo, anakhala kumeneko pafupifupi tsiku lonse, ndiye lipoti labwera masamba ambirimbiri alamu anga anditumizira koma tonse sitikumva. Pena alemba kuti ali pa 5 mwa 100. Sikani ya mutu yomaliza anati ili bwino. Nde vuto lili pati?

Aphunzitsi a Masamu: Pepani mayi. 5 mwa 100 ndiye kulephera kwenikweni kumeneko, ndiye kuti pa mafunso 100 akhoza 5 okha. Koma ine mayeso amenewa ndimawadziwa, ndi aja oyeza nzeru, ndipo munthu amene sanapite patali ndi sukulu amagwa ngakhale asanavulale. Anafika kalasi yanji?

NaPhiri: Analekezera Fomu 2

Mbale Mwale: Kodi si zoti akufuna kuwayesa ngati achita misala? Samalani, asakawatsekere ku chipatala cha amisala munthu ali bwinobwino. Kupsa mtima aliyense amapsa.

Mai a Chiko: Ayi a Mwale, palibe akufuna kutsekera munthu, mayeso amenewa si a misala. Ine ndimagwira ntchito ku Mangalande kuno mu wodi yophunzitsanso anthu ovulala ubongo zochita za tsiku ndi tsiku, sindine amene ndimayeza koma malipoti amenewa ndi amene timagwiritsa ntchito popanga pulani ya wodwala. Aphunzitsi, za sukulu mwanena zoona ndipo tibwererako, koma 5 uja si malikisi. Akutanthauza kuti mutaika pamzere anthu 100 a msinkhu wawo, pa chinthu chimodzi chimenecho pafupifupi 95 achita bwino kuposa iwo. Nde funso ndi loti 5 ameneyo ali pa chiyani, chifukwa sapereka nambala imodzi ya mutu wonse. Amayeza padera padera, kutchera khutu ndi kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, liwiro la kuganiza, kukumbukira zatsopano, kupeza mawu, kuona ndi kujambula, ndi kukonza dongosolo la ntchito. NaPhiri tandiuzani kaye, atafika ku chipatala tsiku la ngozi analemba nambala yanji ya Glasgow, ndipo anatha masiku angati asakusunga zochitika, kufunsa mobwerezabwereza kuti ndili kuti?

NaPhiri: Pa tsamba 2 alemba Glasgow 10. Za kusokonezeka alemba masiku 9, alamu akuti zoona, sabata yonse ankawafunsa kuti mwabwera liti pamene iwo anali pompo kuyambira m'mawa

Mai a Chiko: Chabwino. Sikelo ya Glasgow imayambira 3 kufika 15, amaona ngati munthu akutsegula maso, akuyankha, ndi kusuntha thupi akauzidwa. 13 mpaka 15 amati kuvulala pang'ono, 9 mpaka 12 pakatikati, 8 kutsika pansi kwambiri. Nde 10 ndi pakati. Koma ifeyo timayang'ana kwambiri masiku a kusokonezeka aja, chifukwa akadutsa masiku 7 kuvulalako timakutenga ngati kwakukulu ngakhale munthu anafika akulankhula. Masiku 9 si masewera. Ndipo nchifukwa chake sanawayeze nthawi imeneyo, munthu akadali mu chisokonezo chimenecho zotsatira zake sizikuuza kanthu, amadikira mutu ukhazikike kaye miyezi ipite.

Za sikani musadabwe. Galimoto ikakugunda mutu umagwedezeka mwamphamvu ndipo timitsempha ting'onoting'ono tolumikiza mbali za ubongo timakokeka, tina kuduka, ndipo sikani wamba ija imaona bwino magazi otayikira ndi fupa losweka, izi zambiri siziona. Komanso mbali ya kutsogolo kuseri kwa chipumi imagunda pa fupa la mkati lomwe si losalala, ndipo mbali imeneyo ndi imene imagwira dongosolo ndi kudziletsa. Nde sikani yoyera ndi munthu wosintha khalidwe zimayendera limodzi kawirikawiri.

Tafufuzani pamene alemba za Rey, mndandanda wa mawu. Pakhala manambala asanu otsatizana.

NaPhiri: Ndapapeza. 4, 6, 7, 7, 8. Kenako pali 5, kenako 5 winanso atadikira mphindi 20, kenako 13 pa 15

Aphunzitsi a Masamu: Mwaona, 13 pa 15 ndiye akhoza bwino kumapeto. Ndiye kuti kukumbukira kulibe vuto, mwina ndi ulesi kapena mantha chabe.

Mai a Chiko: Osati ulesi, koma 13 ameneyo mwamuona bwino, ndi amene ali ndi nkhani yonse. Mmene zimakhalira ndi chonchi. Amakuwerengera mawu 15, liwu limodzi pa sekondi, iwe unene amene wagwira. Amabwereza mndandanda womwewo kasanu. Munthu wa zaka za m'ma 30 amene ali bwino amayamba pa 6 kapena 7 ndipo pofika kachisanu amakhala chapa 12 kapena kuposa. Achimwene anayamba pa 4 ndi kukwera pang'onopang'ono mpaka 8, ndiye kuti zinthu zikulowa koma mochepa komanso mochedwa. Akatero amakuwerengera mndandanda wina wa mawu ena kuti akusokoneze dala, kenako amati tanenanso woyamba uja, apa ndi pamene anatsika kufika 5. Atadikira mphindi 20 anakhalabe pa 5, sanatayenso. Pomaliza amakuonetsa mawu ambiri osakaniza ndi kufunsa kuti ili linalipo? Apa anazindikira 13.

Nde taonani, paokha atulutsa 5, koma akawakumbutsa azindikira 13. Ndiye kuti mawuwo anasungika, chovuta ndi kukawatenga. Zili ngati katundu amene ali m'nyumba koma mwamuponya paliponse, mukamufuna simumupeza, wina akakuloza mumati eya ndi ameneyu. Pali odwala ena amene paokha atulutsa 1 kapena 2 ndipo ngakhale uwaonetse mawuwo amangolota, amenewo zinthu sizikusungika n'komwe ndipo chithandizo chawo ndi china kotheratu.

Chinthu chimodzi chabe, onani ngati alemba kuti anavomera mawu angati amene sanalipo. Chifukwa munthu akhoza kungoti eya eya pa chilichonse nkupeza 15.

NaPhiri: Alemba 2 olakwika

Mai a Chiko: Nde 13 uja ndi weniweni.

Wa Kabaza: Pepani kudumphira. Ine ndinagwa pa njinga yamoto masabata 3 apitawo cha ku Ndirande, helimeti ndinavala, ndinakomoka mwina mphindi ziwiri anzanga akuti. Panopa mutu umandiwawa dzuwa likatentha ndipo chenji ndikumasokoneza, dzulo ndabweza 1500 m'malo mwa 500. Ndikufunika mayeso amenewa? Ndipo amachita kuti kuno?

Nesi Usiku: Achimwene, inu mayeso aatali amenewo si nthawi yake. Choyamba, ngati mutu ukuwawa mowonjezereka tsiku ndi tsiku, mukusanza, mukusinza masana mosadziwika bwino, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena mwakomoka ndi kunjenjemera, pitani ku chipatala lero lomwe, magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono m'mutu kwa masabata. Ngati palibe zimenezo, anthu ambiri ovulala pang'ono amachira pa masabata ochepa mpaka miyezi 3. Koma njinga ija ndi imene ikundidetsa nkhawa, ngati chenji chikukusokonezani ndiye pa mphambano mukuchedwanso kuona minibasi, ndipo kugunda mutu kachiwiri usanapole ndi koopsa. Mowa siyani kaye.

Wa Kabaza: Nanga ana adya chani anesi. Njinga ndi ya bwana, ndimapereka ndalama tsiku lililonse

Nesi Usiku: Ndikumva. Ine ndikanakonda mupume ndithu. Ngati zakanika, osayendetsa usiku, osayendetsa mutu ukuwawa, ndipo mukaonane ndi a chipatala sabata ino muwauze za kukomoka kuja.

NaPhiri: Mai a Chiko, 5 mwa 100 uja ndamupeza, ali pa zolumikiza mizere. Gawo loyamba masekondi 58, gawo lachiwiri masekondi 190 ndi zolakwitsa 3. Palinso za manambala, kutsogolo 6, chambuyo 3

Mai a Chiko: Apa ndiye mwafika pa kichini paja. Pepala limakhala ndi timabwalo 25 tomwazika. Gawo loyamba ulumikize 1, 2, 3 mpaka 25 mwachangu, ndi maso, dzanja ndi liwiro basi. Wachinyamata amene ali bwino amatha pa masekondi pafupifupi 30, nde 58 ndi kuchedwa ndithu. Gawo lachiwiri uzisinthasintha nambala ndi chilembo, 1 kupita ku A, ku 2, ku B, mpaka 13, uzisunga m'mutu mizere iwiri nthawi imodzi. Aliyense amachedwerapo, koma kuchoka pa 58 kufika 190 ndi kupitirira katatu, ndiye kuti si liwiro lokha, kusintha kuchoka pa ichi kupita pa icho ndi kumene kwavulala. Manambala akunenanso zomwezo. Kubwereza 6 monga wawamvera ndi bwino, khutu likugwira. Koma kuwanena chambuyo uyenera kuwasunga uku ukuwatembenuza, ndipo apo afika 3 okha.

Tsopano ganizani za kichini nthawi ya nkhomaliro. Nyama ili pa moto, tchipisi zili m'mafuta, woperekera zakudya akukuwa oda yatsopano, wina akuti ija ya tebulo lakumapeto asaikemo tsabola. Luso lophika silinapite, mukawapatsa mbale imodzi kunyumba aphika bwino, afunseni alamu anu. Koma oda yachiwiri ikalowa imakankha yoyamba, ndendende mmene mndandanda wachiwiri unawatsitsira pa 8 kufika 5. Kupsa mtima kwinako ndi kwa munthu amene akuona zinthu zikumupulumuka osadziwa chifukwa, kwina ndi mbali ya kutsogolo ija kulephera kugwira buleki.

NaPhiri: Alamu akuti zoona kunyumba amaphika bwino, bola TV ikhale yozima ndipo ana asawalankhule. Nde tichite bwanji? Mnzawo wina wawaikira magemu a pa foni olimbitsa ubongo

Aphunzitsi a Masamu: Magemu amenewo ndi abwino, ubongo umafuna kuphunzitsidwa. Muziwapatsanso mawu 15 tsiku lililonse aloweze, muona akwera.

Mai a Chiko: Akwera pa mawuwo ndi pa gemuyo aphunzitsi, koma tchipisi zipsabe. Zimene munthu waphunzira pa gemu sizisamukira zokha ku ntchito. Komanso chonde musawaloweze mindandanda ngati ya mayeso, mukatero akadzawayezanso adzaoneka ngati achira pamene angozolowera, nchifukwa chake oyeza amadikira miyezi 6 kapena chaka ndipo amagwiritsa mawu ena.

Ndikanakhala ine ndi lipoti limeneli ndikanayamba chonchi. Poti akakumbutsidwa amazindikira, oda iliyonse ilembedwe pa kapepala ndi kupachikidwa pamzere pomwe akuiona, yapakamwa asalandire, akamaliza achotse kapepalako. Poti kusinthasintha ndi kumene kwavuta, asabwerere pa moto nthawi ya piringupiringu, ayambe ndi za m'mawa, kudula, kukonza msuzi, ntchito imodzi mpaka ithe, maola 3 kapena 4 patsiku osati shifiti yonse. Chilichonse choikidwa pa moto chikhale ndi belu lake lokumbutsa pa foni, ndipo lamulo ndi loti belulo litchedwe asanachoke pa mphikapo. Palinso chizolowezi chimene timaphunzitsa, choti munthu aime, adzifunse kuti ndikuchita chani pano, atchule masitepe mokweza, achite, kenako ayang'ane ngati zatheka. Chimaoneka chachibwana koma chimayeserera pa ntchito yeniyeni mpaka chilowe m'magazi. Zikayenda kwa masabata angapo popanda chopsereza ndi pamene mumawonjezera chinthu chachiwiri, mphika umodzi ndi oda imodzi, kenako ziwiri.

Akanakhala a gulu lija losasunga n'komwe sitikanawerengera kukumbutsa. Amenewo timawaphunzitsa chinthu chimodzi mosawalola kulakwitsa, kuwauza yankho asanalote, chifukwa akalota molakwika cholakwikacho ndi chimene chimakhazikika, kenako kufunsanso patapita mphindi imodzi, ziwiri, zisanu, kumatalikitsa. Nde mukuona chifukwa chake 13 uja ndinamufuna.

Nesi Usiku: Ndiwonjezere. Akumwa mankhwala anji? Ena amapatsidwa oletsa kugwa khunyu atavulala mutu, monga fenitoyini kapena fenobabitoni, ndipo amenewa amachedwetsa kuganiza paokha. Tulo tochepa, ululu ndi kukhumudwa nazonso zimatsitsa manambala omwewo. Osasiya mankhwala paokha ayi, koma adokotala afunsidwe ngati akufunikabe.

NaPhiri: Akumwa fenitoyini kuyambira tsiku la ngozi, sanagwepo khunyu chiyambireni. Ndiwauza alamu akafunse. Kugona akuti amadzuka 2 koloko osagonanso

Mai a Chiko: Anesi anena zofunika, zimenezo zikonzedwe kaye, mwina liwiro lija libwererako pang'ono. Ndipo mayeso a tsiku lonse kwa munthu wosagona, zomaliza amachita atatopa kale.

Aphunzitsi a Masamu: Koma funso langa la sukulu simunayankhe. Anawayeza mu chilankhulo chanji? Munthu wa Fomu 2 umuwerengere mawu 15 a Chingerezi uziti waiwala, chonsecho ena sawadziwa n'komwe.

NaPhiri: Chingerezi. Amachilankhula cha ku ntchito koma kuwerenga ndi movutikira. Panalibe womasulira

Mai a Chiko: Apa aphunzitsi ndili nanu. Mawu a chilankhulo chachiwiri amalowa movuta, nde 4 mpaka 8 uja mwina akanakhala okwera pa Chichewa. Zilembo nazonso, ngati A B C sizibwera zokha m'mutu gawo lachiwiri lija uchedwa ngakhale ubongo uli bwino. Nchifukwa chake pali mtundu wina wa mayeso omwewo wopanda zilembo, timabwalo tapinki ndi tachikasu, uzitsata manambala uku ukusintha mtundu. Ndipo anthu 100 aja amene akuwayerekeza nawo ndi ndani? Ngati ndi a ku America omaliza sekondale, 5 uja ndi wowapondereza. Ku South Africa akatswiri ena anasonkhanitsa manambala a anthu akomweko molingana ndi sukulu zimene anaphunzira, nde onani ngati lipoti lanena kuti lagwiritsa ati. Woyeza wabwino amalemba zimenezi poyera.

Koma sindingataye lipoti lonse. Manambala alibe Chingerezi chambiri, ndipo 6 kutsogolo ndi 3 chambuyo ndi munthu yemweyo chilankhulo chomwecho. 5 paokha ndi 13 pokumbutsidwa ndi mawu omwewo. Ndimakhulupirira kusiyana kwa mkati kumeneku kuposa 5 mwa 100, makamaka poti kukugwirizana ndi zimene bwana ndi alamu akuona. Munthuyu anaphika zaka zingati asanavulale?

NaPhiri: Zaka 6, ma oda ankawasunga pamtima osalemba

Aphunzitsi a Masamu: Ine ndikuonabe kuti ayezedwenso ndi womasulira. Ndalama za chipukuta misozi zidalira pepala limeneli.

Mai a Chiko: Womasulira amathandiza pa malangizo ndi pofunsa mbiri, koma akamamasulira mawu 15 pompopompo mayeso asintha, mawu a Chichewa ndi aatali kusiyana ndi a Chingerezi aja ndipo palibe anthu oyerekeza nawo. Nde si yankho loyera. Ine ndikanapempha kuti wothandiza za ntchito akawaone akuphika zenizeni ndi ma oda awiri atatu, alembe zimene waona, ziikidwe pambali pa lipotilo.

Mbale Mwale: Koma poti pali ndalama, munthu sangangonamizira kuiwala kuti alandire zambiri? Sindikunena achimwene anu ayi, ndikungofunsa.

Mai a Chiko: Oyeza amadziwa zimenezo, amaikamo mayeso ena ooneka ovuta koma amene ngakhale ovulala kwambiri amakhoza, ukalephera amenewo amadziwa kuti sunayesetse. Sindifotokoza mmene amakhalira pagulu pano. Koma chimene ndimaona kwambiri ine ndi chosiyana nacho a Mwale, wovulala kutsogolo kwa ubongo amakana kuti ali ndi vuto, amati ndili bwino bwana ndi amene akundida. Nchifukwa chake amafunsanso mkazi payekha.

NaPhiri: Iiii ndi zomwe akunena achimwene, akuti anzawo a ku kichini awachitira nsanje. Makapepala aja sindikudziwa ngati avomera, adzati mukundiyesa mwana

Mai a Chiko: Musalimbane nawo pakamwa, simupambana. Asanayambe kuphika afunseni kuti zitenga mphindi zingati ndipo aiwala zingati, alembe okha, akamaliza muyerekeze limodzi. Ena amayamba kuona okha pakapita masabata, ena zimatenga nthawi yaitali ndipo pali ena amene safika poona bwinobwino. Ndipo amene akuwauza asakhale alamu nthawi zonse, banja limatha ndi zimenezi, bola wa chipatala kapena mwamuna mnzawo amene amamulemekeza.

Wa Kabaza: Anesi ndapita, andiyeza maso ndi tochi ndi kundiyendetsa pamzere, akuti ndibwerenso sabata yamawa ngati mutu sukusiya. Bwana wavomera kuti mng'ono wanga ayendetse masiku 5

NaPhiri: Mai a Chiko pali tsamba lina la chithunzi chovuta chimene anawauza kuti akopere, alemba kuti zigawo zonse zilipo koma anayambira pa tizidutswa osati bokosi lalikulu. Ndikutumizirani kumbali? Komanso bwana uja akufuna kalata yonena tsiku limene adzachire, tilembe chani pamenepo

Mai a Chiko: Tumizani koma mubise dzina ndi nambala ya chiphaso. Kuyambira pa tizidutswa ndi nkhani ya dongosolo yomwe ija, maso ali bwino. Tsiku lochira palibe angalembe moona, kusintha kwakukulu kumachitika chaka choyamba kenako kumayenda pang'onopang'ono. Kalatayo ilembedwe ndi adokotala kapena woyeza uja, inene ntchito zimene angagwire panopa, maola angati, ndi tsiku lodzaonanso mmene zikuyendera. Funsani kaye ngati bwanayo ali ndi shifiti ya m'mawa.